Senta ya roteshoni m'kalasi ya Giredi 12

Mpaka lero ndikakumbukira zimene anandichita bambo aja, mtima umandiwawa. Ndinali mtsikana wa ku koleji, ndipo akukolejiko ananditumiza kukaphunzira ntchito ya uphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale, cha ku Mlolo. Mphunzitsi wa masamu wa Giredi 12 anali atapita kukachira, ndiye kalasi yakeyo inagwera ine. Ana a m'kalasimo anali okalipa, ena amsinkhu wanga ndithu, koma tinagwirizana msanga. Mayeso aakulu anali pafupi, ndipo ndinkafunitsitsa kukhala nawo mpaka tsiku lolemba.

Woyang'anira ntchito yanga anali mkulu wa dipatimenti ya masamu, bambo wa imvi amene anaphunzitsa theka la anthu a m'deralo. Ngakhale ahedi anadutsa m'manja mwawo. Akalankhula mu sitafu, aliyense ankangoti inde. Anali ndi chizolowezi cholowa m'kalasi phunziro lili mkati, n'kukhala kumbuyo, manja atapinda.

Tsikulo ndinkaphunzitsa za roteshoni, kutanthauza kuzunguza chithunzi osachitembenuza kapena kuchikulitsa. Pa bolodi ndinajambula thirayango, makona ake A, B ndi C, ndipo chapambali ndinajambula pamene yafika itazungulira madigiri 90. Funso linali lakuti, yazungulira pa kadontho kati? Kadontho kameneko ndiye senta.

"Taganizani mbuzi yomangirira pa chikhomo," ndinawauza. "Ikachoka apa n'kupita apo chingwe chili chokoka, mtunda wochoka pa chikhomo susintha. Senta ndi chikhomo chathu. Mtunda wochoka pa senta kufika pa A wakale ndi wofanana ndi wofika pa A watsopano. B nayenso chimodzimodzi."

Ndinalumikiza A wakale ndi A watsopano ndi rula. Kenako ndinatenga kampasi ya pa bolodi, chimtengo chija cha msomali kumwendo, n'kuitsegula kupitirira theka la mzerewo. Ndinabaya pa A wakale n'kulemba timauta kuwiri konse, ndinabayanso pa A watsopano osasintha kampasi, timauta n'kudutsana. Mzere wodutsa pamene timauta tadutsanapo umadula mzere woyamba uja pakati penipeni, moimirira, ndipo kadontho kalikonse ka pa mzere umenewu kali pa mtunda wofanana kuchokera kwa ma A awiriwo. Ndinachita zomwezo ndi ma B. Pamene mizere iwiri yodulayo inakumana ndinaikapo kadontho.

"Chikhomo chathu ichi."

Kumbuyo kunamveka kutsokomola. Bambo aja anadzuka, n'kubwera kutsogolo pang'onopang'ono, n'kundilanda choko m'manja ngati akulanda mpeni kwa mwana.

"Madamu, mukuwatopetseranji anawa? Timauta tonseti n'tachiyani? M'mayeso mulibe nthawi yojambula maluwa."

Ana anaseka. Iwo anafufuta mizere yanga yodula ija ndi chikhatho, n'kusiya iwiri yokha, wa A kupita kwa A ndi wa B kupita kwa B. Pamene iwiriyo inapingasana anabayapo choko mwamphamvu.

"Senta ndi imeneyi. Lumikizani, pamene yakumana, basi. Ndakhala ndikuphunzitsa chonchi inu musanabadwe."

Mayo ine! Ndinadziwa kumene zinachokera. Njira imeneyo imagwira chithunzi chikazungulira theka lathunthu, madigiri 180, chifukwa pamenepo senta imakhaladi pakati pa kona yakale ndi yatsopano. Imagwiranso pa funso lokulitsa chithunzi. Koma pa madigiri 90 ndi bodza lenileni. Kadontho kawo kanali pafupi ndi A watsopano, kutali ndi A wakale, moti ndi maso omwe unkaona. Ndipo ana anali atayamba kale kukhwatcha zanga m'makope mwawo.

Kwathu kuno munthu wamkulu sumutsutsa pamaso pa ana, zimenezo ndinakula nazo. Umadikira, n'kukawapeza paokha, n'kuyamba ndi pepani. Koma ndikanadikira, ana onsewo akanatuluka ndi bodza m'makope, atalilemba ndi manja awo. Ndinaweramitsa mutu, mawu n'kuwatsitsa.

"Pepani aphunzitsi, mwina ndine wosamva. Ndiyeseko ndi kampasi kuti nanenso ndiphunzire?"

"Yesani."

Ndinabaya msomali pa kadontho kawo, n'kutsegula kampasi mpaka choko chinakhudza A wakale, n'kuzunguza. Choko chinadutsa kutali, A watsopano chinamusiya mkati osamununkhiza n'komwe. Ndinabwezeretsa msomali pamene panali kadontho kanga, poti kanali kakuonekabe pansi pa fumbi la chikhatho chawo. Kuchoka pa A wakale, choko chinakatera pa A watsopano ndendende. B chimodzimodzi, C chimodzimodzi.

Ndinachotsa kampasi pa bolodi. Kenako wina kumbuyo anati "Iiih!" ndipo kalasi yonse inaphulika. Ine sindinaseke, Mulungu ndi mboni. Bambo aja anaika choko pa tebulo, anapukuta manja, n'kutuluka.

Masana omwewo anandiitana ku ofesi ya ahedi. Bambo aja anali atakhala kale pa mpando wabwino, ine ndinaimirira. Ahedi anali mphunzitsi wa Chingelezi ndi mbiri yakale, za masamu sankafuna n'kuzimva komwe.

"Mwana wanga, wawachititsa manyazi akuluakuluwa."

Ndinapepesa. Ndinapepesa kuchokera pansi pa mtima chifukwa cha kuseka kwa ana, poti sindinafune kuti zifike pamenepo. Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo.

"Zabwino," anatero ahedi. "Mawa ukaime kutsogolo kwa kalasi, ukawauze kuti njira zonse ziwiri n'zolondola, kungoti ya akuluakuluwa ndi yachidule. Ukatero kalasi ndi yako mpaka mayeso."

"Koma ahedi, si yolondola. Tiyeni tipite pa bolodi pompano, sindinafufute."

"Sitikukamba za bolodi, tikukamba za ulemu."

Ha! Ulemu? Kodi wochonga mayeso, amene sadziwa n'komwe kuti ku Mlolo kuli bambo wa imvi, adzapereka malikisi a ulemu? Ana amenewa makolo awo ankagulitsa mtedza ndi mbuzi kuti afike Giredi 12, ena ankapalasa njinga kuchokera kutali m'mimba muli pululu, ndiye ine ndikaime pamaso pawo ndiwanamize kuti munthu mmodzi asamve kuwawa? Chimene chinandipsetsa mtima koposa n'chakuti bambo aja ankadziwa. Anaona choko chikuphonya ngati mmene tonse tinaonera. Nthawi yonseyi ankangoyang'ana pawindo, osaiteteza n'komwe njira yawoyo.

"Kugwada ndigwada, kupepesa ndapepesa," ndinatero. "Koma zimenezo sindinganene."

Ahedi anapumira m'mwamba. Anati kuyambira mawa ndizikaphunzitsa Giredi 8, ndipo Giredi 12 aitenga bambo aja eni ake, poti ndi kalasi yofunika munthu wodziwa.

Kalasi ya Giredi 8 inali yoyandikana ndi yanga yakale ija, ndipo khoma la pakati silinkafika kudenga. M'mawa mwake ndili mkati molemba pa bolodi, ndinamva mawu a bambo aja akubwera pamwamba pa khomalo.

"Tsegulani makope. Za dzulo zija khwatchani zonse. Lumikizani A ndi A, B ndi B, pamene yakumana ndiye senta. Tamvana?"

Ndinaima choko chili m'manja, kudikira kuti mwina mmodzi, mmodzi yekha mwa onse amene anaseka dzulo lake, akweza dzanja n'kufunsa.

"Ndati tamvana?"

"Inde, aphunzitsi," inayankha kalasi yonse.