Nkhope ya Namwino Pamwamba pa Khomo

Alamu anga ndi osoka nsapato. Akhala m'kachipinda kamodzimodzi kuseri kwa siteji ya basi kuyambira asanakwatire mchemwali wanga. Muli benchi, makina akale osokera, wailesi yolira ukaimenya, ndi fungo la chikopa ndi guluu. Munthu akalowa, iwo amayamba ayang'ana kumapazi, nkhope pambuyo.

Nsapato zawo ndi zolimba, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Wogula lero amadzabweranso mwana wake atakula. Malonda atazilala, ndinawauza za mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa, yemwe tsopano ndi namwino. Amajambula timavidiyo pa foni akaweruka, kukamba za msana, tulo ndi mapazi otupa. Omutsatira si ambiri, koma ndi anamwino anzake, aphunzitsi ndi ogulitsa m'masitolo, anthu ogwira ntchito chiimire. Akanena kanthu amamumvera.

"Ndiye ndimulipire chifukwa chovala nsapato?" anafunsa alamu. "Anthu ena onse amandilipira ine."

Komabe anakumana. Anagwirizana kuti namwino alandira nsapato ndi kandalama ka ntchito yojambula, aika mavidiyo awiri pa tsamba lake, ndipo wogula aliyense wotchula liwu limene iye alengeze amubweretsera gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo. Namwino ananeneratu kuti auza omutsatira kuti walipidwa. Alamu anadabwa kuti munthu angaulule zotere, koma anavomera.

Zinayenda. Pakhomo panayamba kuima amayi ovala zoyera, ndipo alamu ankatumiza gawo la namwino mosaphonya. Chisangalalo chitawakwera, anatenga chithunzi m'vidiyo ija, nakachikulitsa kwa osindikiza, n'kuchikhoma pamwamba pa khomo. Namwino akumwetulira, mutu waukulu ngati beseni.

Chithunzicho chinakhala pamenepo mpaka mvula inadutsa. Ndiye Loweruka lina, ndili pa benchi kudikira lamba wanga, namwino anatulukira. Anaima panja kudziyang'ana.

"Bambo, uyu mwamuika apayu mukumulipira zingati?"

"Ndinalipira kale, mwanangu. Chinthu ukagula ndi chako mpaka chitang'ambika."

"Munalipira mavidiyo awiri a pa tsamba langa. Za chikwangwani sitinakambe."

Anafotokoza modekha, monga ankayankhira m'kalasi. Sitolo ina yaikulu ya nsapato inkafuna kugwira naye ntchito kwa chaka, ndipo ndalama yake ikanamulipirira maphunziro a uzamba. Koma bwana wa sitoloyo anadutsa pa siteji, anaona nkhopeyo, nati sangatenge munthu amene ali kale mlonda wa khomo la wina. Anamupatsa mpaka Lolemba.

Alamu anaika nyundo pansi. "Ndikadula mutu, n'kusiya mapazi okha?"

"Mapaziwo ndi a ndani?"

Anayang'ana chithunzi, nayang'ana mapazi a namwino. Sakanatha kukana, poti anawayeza okha.

Namwino anati njira zilipo ziwiri. Chithunzi chikhale, koma azimulipira mwezi ndi mwezi, kuphatikizapo mtengo woti asamatsatse nsapato za wina aliyense. Apo ayi chitsike. Alamu anafunsa mtengowo. Atamva, anandiyang'ana ngati ndine ndinamuphunzitsa masamu olakwika.

"Aphunzitsi, mwanayu munkamupatsa chiyani?"

"Ankakhoza," ndinatero.

Alamu anapukuta guluu ku chala. Kenaka anakabwereka makwerero kwa wometa tsitsi wa khomo loyandikana nalo, nakwera okha, ngakhale bondo lawo limakana masitepe. Anazula misomali mosamala, kuti adzaigwiritsenso ntchito. Atatsika anapinda chithunzicho nkhope m'kati, nachipereka kwa mwini wake.

"Miyezi imene wakhala pamwambapa, wagwira ntchito padzuwa," anatero. "Tchula ndalama ya miyezi imeneyo."

Namwino anatchula. Alamu anatsitsa, iye anakweza pang'ono, nakumana pakati, kulipira kwake pang'onopang'ono. Anagwirizananso kuti liwu lija ligwira ntchito mpaka kutha kwa mwezi, kenaka basi. Nthawi ino zonse anazilemba pa foni, aliyense n'kukhala ndi zake. Namwino anajambula khoma lopanda kanthu, natumiza kwa bwana uja asanachoke.

Ntchito ija anaipeza. Vidiyo yake yoyamba yotsatsa nsapato za sitolo ija itatuluka, ndinapita nayo kwa alamu. Anavala magalasi, naionera yonse. Kenaka anandiuza kuti ndiimitse pamene namwino akukweza phazi, nakulitsa chithunzi ndi zala zawo zakuda ndi polishi.

"Chidendene ichi n'chomata, sanasoke," anatero, akundibwezera foni. "Mumuuze kuti chikamatuka, Lachitatu sindikhala ndi anthu ambiri."