Nkhuku Yotsalira pa Tebulo

Pa shopu yosindikiza imene ili kuseri kwa msika, aliyense amawatchula a Diso. Ndi bambo wowonda, wa magalasi omanga ndi ulusi, ndipo atha zaka makumi awiri akukonza zithunzi pa kompyuta. Akazi awo amadandaula kuti ngakhale chithunzi cha ukwati wawo a Diso sachiyang'ana mwamtendere, amangoona pamene wojambula analakwitsa. Chuma alibe. Chimene ali nacho ndi kamzere ka pansi pa ntchito iliyonse, konena kuti chithunzi anakonza ndi iwo, ndipo kamzereko amakasamala ngati dzira.

Tsiku lina kunabwera mwini lesitilanti ya pa siteji, munthu waphuma, woyankhula makiyi a galimoto akulira m'manja. Anali atasiya kugulitsa nkhuku yowotcha n'kuyamba nsomba yokazinga, ndiye ankafuna kuti pa chithunzi cha menyu nkhukuyo ichoke. Koma mbale ya mkombero wobiriwira ikhale yomweyo, ngakhale yeniyeniyo inasweka kalekale. Nthunzi isachoke, chifukwa ndi imene imadzutsa njala. Tebulo la vanishi lizinyezimirabe. Anatulutsa foni, n'kuwaonetsa nsomba imene anaijambula yekha.

A Diso anatemetsa nkhwangwa pamwala. Mbale inajambulidwa chapambali, kuwala kukuchokera pa windo la kumanzere, pamene nsombayo anaijambula chapamwamba, pansi pa babu lachikasu. Anamuuza kuti nsomba yotero singakhale m'mbalemo, izioneka ngati ikuyandama. Mawa lake masana anapita okha ku lesitilantiko ndi kamera kukajambula nsombayo, nagwada pansi kuti diso lifanane ndi msinkhu wa tebulo, windo lili kumanzere, mpaka mawondo anachita dzanzi.

Ntchitoyo inatenga masiku. Anadula nkhuku, n'kukonzanso m'kati mwa mbale momwe inaphimba. Anaikamo nsomba, naipatsa mthunzi wake kumanja kuti ikhazikike. Nthunzi inawavuta kwambiri, chifukwa imaonetsa za kuseri kwake, ndiye inali itatenga kufiira kwa nkhuku. Anaipatula payokha, naichotsa mtunduwo, naibwezera pamwamba pa nsomba. Chinatsala n'chimodzi: pa vanishi, kutsogolo kwa mbale, nkhuku inkaonekabe chozondoka ngati pa galasi. Pamenepo panafunika kuifufuta, kutembenuza nsomba, kuizimiriritsa pang'ono, kuti mizere ya thabwa izionekera.

Lachinayi m'mawa, asanakonze pa vanishipo, a Diso anapita kukayezetsa maso. Mwini lesitilanti anafika ali pa liwiro lake lija, ndipo abwana a shopu, amene sadziwa kukana kasitomala, anatsegula kompyuta, naona nsomba ili m'mbale, nati zatheka. Anasindikiza mamenyu makumi anayi, nawakutira pulasitiki. Anthu ena ngakhale uwauze kangati kuti kuthamanga sikufika, samva.

A Diso atabwerako anapeza kope lotsala pa tebulo lawo. M'mbale muli nsomba, pa vanishi ntchafu ya nkhuku ili tong'o, ndipo pansi pali dzina lawo. Anapsa mtima. Abwana anayesa kunena kuti kanthu kake n'kakang'ono, koma a Diso anawafunsa ngati anaonapo munthu woima pa galasi n'kuonamo nkhope ya mnansi wake. Anatola cholembera chakuda chosafufutika, natuluka osatseka chitseko.

Ku lesitilanti anapeza anthu ali pikitipikiti kudya. Anamuitana mwini malo, namulozera nkhukuyo ndi chala. Iye anayandikitsa menyu kumaso, anaipendeketsa, kenako anaseka chikhakhali. Anati nsomba ikuyenda malonda kuyambira m'mawa, palibe kasitomala amene wafunsa za tebulo, ndipo kusindikizanso iye alibe nazo ntchito. M'maso munali gwa.

“Ndiye dzina langa lichoke,” anatero a Diso.

Anayamba kuyenda tebulo ndi tebulo, akupepesa odya, kutenga menyu, kufufuta kamzere kaja, kubweza. Mayi wina anasiya foloko m'malere n'kumawayang'ana. Mwini lesitilanti ankawatsatira pambuyo, tsopano atasiya kuseka, akuoneka kuti wawamvera chisoni ndithu.

“Bambo, mukuvutikiranji? Kunena zoona, ine dzina lanulo ndikuliona lero. Timalemba tating'ono ngati timeneti amawerenga ndani?”

Dzanja la a Diso linaima. Mawu amenewo anawapweteka kuposa nkhuku, kuposa abwana, chifukwa munthuyo sankanyoza, ankangonena zimene akudziwa. Anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya kwa nthawi yaitali. Atawavalanso anafunsa woperekera zakudya kuti mamenyu ena ali kuti, ndipo iye anawabweretsera khumi ndi awiri amene anali m'dirowa.