Gona, Koma Udzuke

Ndikakumbukira agogo anga a Nachisale, ndimamva fungo la fodya wa m'mphuno ndi fumbi la thonje lomwe ankasankha pakhonde kwathu ku Utale, zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Mawu awo anali osasa ngati khasu pamwala, koma khanda lililonse, ngakhale lolira chotani, likafika kumsana kwawo linkagonja. Ankalimanga ndi chitenje, n'kumalisisita kumatako uku akuyendayenda, nyimbo yake imodzimodzi:

Lululu, mwana gona,
wa mango anagona,
wa ngumbi anagona,
wa chisanu anagona,
iwe gona, koma udzuke.

Ife ana tinkaiona ngati nyimbo ya zakudya, mpaka tinkadumphira chingwe. Tsiku lina nditabereka mlongo wanga Lemani, ndinaimba n'kulekeza pa chisanu chifukwa anali atagona kale. Agogo anataya lichero la thonje.

"Iwe! Maliza nyimboyo!"

"Wagonatu, agogo."

"Iyayi, maliza. Wamuuza kuti agone, wamuuza kuti adzuke?"

Ndinamaliza monyinyirika, mumtima ndikuti ukalamba ndi matenda ndithu.

Chaka chotsatira, nthawi yothyola thonje, amayi anachira mwana wamkazi, koma mwanayo anapita mchombo usanagwe, asanapatsidwe ndi dzina lomwe. Khanda lotere salilira maliro. Azimayi okhaokha anakaliika masana m'dzenje losaya, opanda nyimbo, ndipo anawalangiza amayi kuti akalira sadzaberekanso. Amayi anamvera. Sanalire, komanso analeka kudya ndi kuyankhula, ankangokhala kuseri kwa nkhokwe akuyang'ana pansi. Ndinachita mantha kuti nawonso atisiya.

Agogo atatopa nazo, ananyamula Lemani, chimwana choyenda kale, n'kumukoleka kumsana kwa amayi.

"Taimirira, um'goneke. Kulira anakuletsa, koma kuimbira mwana analetsa ndani?"

Agogo anayambitsa okha nyimboyo. Atafika pa chisanu sanapitirire kumapeto, anawonjezera mzere wina: wa thonje anagona. Amayi anabwereza, misozi ili chuchuchu, ndipo azimayi odutsa ndi ndowa sanaone cholakwa, poti anali mayi wogoneka mwana. Ndipamene ndinazindikira. Wa mango, wa ngumbi ndi wa chisanu anali ana a agogo, opita opanda maina, ndipo ankawaitana ndi nyengo yomwe anabwerera. Zaka zonsezo ankalira maliro awo ife tikuwomba m'manja.

Madzulo amenewo amayi anamwa phala.

Ndinkawakonda agogo aja, ndi ukali wawo womwe. Lero ndili ndi zidzukulu ku Liwonde, zobadwira kuchipatala, ndipo mwana wanga amandiseka ndikamanong'oneza m'khutu la khanda loti lagona kalekale. Aseke. Ine khanda sindiliika pamphasa ndisanaliuze kuti lidzuke.