Malemba makumi asanu ndi atatu a bambo Kalilani

Pa Nsaru, ukwati ukakhala wopanda a Cornelius Kalilani pa chimkuzamawu, anthu amati wangochitika mwamwambo chabe. Bambo ameneyu mawu anabadwa nawo. Akati apereke moni, amayambira kwa mafumu, natsikira kwa ankhoswe, kwa ophika, mpaka kwa amene anabwereketsa mabenchi. Akazi awo amati ngakhale nkhuku akamaziingitsa m'munda amayamba azifotokozera chifukwa chake.

Anakulira pa esiteti ya fodya, kumene anali kalaliki. Esitetiyo itagulitsidwa, anabwerera kumudzi, nayamba kulima mtedza ndi soya. Koma ntchito imene amainyadira ndi ya banki m'khonde. Anayambitsa gulu la Tiyesenawo, limene limakumana Lachinayi masana m'chigafa cha fodya kuseri kwa msika. Ambiri m'gululo ndi akazi a matenanti ochokera ku Phalombe ndi ku Mulanje, anthu osakhulupirira mlendo msanga. Chimene chinawakopa n'chakuti zonse zimachitika maso akuona. Bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu, ndipo mmodzi akasowa bokosi silitseguka.

Chaka china Lucia, mwana wa mlongo wawo amene anaphunzira za makompyuta ku Lilongwe, anapanga kapulogalamu ka pafoni, kamene achinyamata amati apu. Ntchito yake inali yochepa: mlembi amalembamo masheya amene aliyense wagula, ngongole ndi zobweza, iyo n'kumawonkhetsa. Atafuna kuyiika ku Play Store, sitolo ya pafoni kumene anthu amatengako ma apu, anabwera kwa amalume ake.

"Amalume, za m'Chingerezi ndilemba ndekha. Inu mundilembere mawu achidule a m'Chichewa, aja munthu amayamba kuwaona asanatenge apu. Koma malemba asapitirire makumi asanu ndi atatu, 80 basi."

"Ukutanthauza mawu, eti?"

"Ayi, malemba. Ndi mipata yomwe amawerengera. Kufotokoza kwakutali kuli ndi malo ake m'munsi, koma ambiri safikako."

A Cornelius anaseka, poganiza kuti mwanayo akuwaderera. Anatenga foni, nayamba mmene munthu woleredwa bwino amayambira: kuthokoza mafumu, apampando ndi mamembala onse a magulu. Asanafike n'komwe pa nkhani ya apuyo, Lucia anawalozera kanambala kowerenga malemba: anali atapyola kale. A Cornelius anadandaula ndithu. Kwa iwo kulankhula osapereka moni kunali ngati kulowa m'nyumba ya eni osagogoda.

Mlungu wonse anayenda ndi nkhaniyo m'mutu. Pomaliza anaganiza kuti ngati malo ndi ochepa, mawuwo akhale otentha, monga amachitira poitanira anthu ku perekaniperekani. Analemba kuti: "Tayani bokosi ndi maloko! Banki yamakono yafika, ndalama zanu zikule mufoni." Mawuwo anakwana bwino lomwe, ndipo a Cornelius anadziona kuti ndi katswiri.

Lamulo la Tiyesenawo ndi lakuti chilichonse chokhudza gulu chimawerengedwa mokweza pamaso pa onse. Lachinayi, bokosi litatsekedwa, a Cornelius anaimirira nawerenga mawu awo monyadira, akudikira m'manja. Mayi Enifa, mmodzi wa osunga makiyi, anamanga kiyi wawo kunsonga ya chitenje n'kunyamuka osatsanzika.

Lachinayi lotsatira mayi Enifa sanabwere. Bokosi linakhala pamphasa ndi makiyi awiri, anthu akuliyang'ana. Inali nyengo yothyola fodya, pamene m'nyumba za matenanti chakudya chimachepa, ndipo ena anabwera akudalira kangongole kogulira chimanga. Anabwerera chimanjamanja. Panjira ena ankanong'onezana kuti bokosi lingotsegulidwa kamodzi, aliyense atenge zake, gulu lithe. A Cornelius atamva zimenezi mtima unawawawa, chifukwa gululi linali ngati mwana wawo.

Anaimbira Lucia namuwerengera mawuwo.

"Amalume, apu yanga sisunga ndalama, sikulitsa ndalama, ndipo si banki. Mawu olonjeza zimene apu sichita, a sitolo akhoza kuwakana, kapena kuichotsa apuyo."

"Ndimati ndikometse pang'ono."

"Mwakometsa mpaka yasanduka ina."

M'mawa mwake a Cornelius anapalasa njinga kupita ku esiteti kumene kumakhala matenanti aja. Anapeza mayi Enifa atakhala pamthunzi akusoka fodya, manja ali bii ndi phula la masamba. Moni anapereka wautali monga mwa chizolowezi, ndipo mayiwo anauyankha wonse osadzutsa mutu.

"Bambo Kalilani, ine kiyi sindinabe," anatero pomaliza. "Koma chaka chatha anthu ena ananditumizira uthenga woti ndalama zanga zikule mufoni. Ndinatumiza za mbuzi yanga, mpaka lero. Ndiye nditamva mawu omwe aja akutuluka pakamwa panu, ndinaopa kuti zabweranso. Kodi bokosi mukulitayadi?"

"Ayi mayi, bokosi silikupita kulikonse."

"Nanga chinthucho chimatani?"

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, a Cornelius anasowa poyambira. Manyazi anawagwira. Anali atatamanda chinthu mlungu wathunthu osanena ntchito yake.

"Chimangolemba," anatero. "Zimene mlembi amalemba m'buku, azilembanso mmenemo. Ndalama sizilowamo."

"Mukanatero poyamba paja."

A Cornelius anakhala pa chitsa pomwepo natulutsa foni. Anayamba kulemba, nafufuta, nalembanso. Mawu akuti "yamakono" anawakonda kwambiri, koma anaona kuti sakuuza munthu kanthu, ndipo anawachotsa ngati akuzula dzino. Moni anausiya. Anadzifunsa zinthu ziwiri zokha: mlembi wa gulu la ku Kabudula kapena ku Kasiya, amene sanamuonepo Lucia, afuna kudziwa chiyani, ndipo aopa chiyani? Zimene zinatsala anaziwerenga mokweza:

"Lembani masheya ndi ngongole za banki m'khonde. Ndalama zimatsala m'bokosi."

Mayi Enifa anadikira, singano ili m'manja.

"Pitirizani."

"Ndatha."

"Inuyo bambo Kalilani mwatha?" Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. "Mukawerenge zimenezo Lachinayi, onse akamve. Ine ndidzakhalapo."

Lucia anawalandira mawuwo osasintha lemba ngakhale limodzi. Moni uja anawalola kuti aufupikitse n'kuuika kumapeto kwa kufotokoza kwakutali, ndipo a Cornelius anakhutira, ngakhale amadziwa kuti owerenga mpaka kumeneko ndi ochepa. Apuyo inalowa m'sitolo, ndipo magulu angapo a m'derali akuigwiritsa ntchito limodzi ndi mabuku awo. Sinalemeretse munthu. A Cornelius akadali pa chimkuzamawu Loweruka lililonse, ndipo moni wawo sunafupike ngakhale pang'ono.

Koma Lachinayi lotsatira ulendo wa ku esiteti uja amalikumbukira kuposa maukwati onse. Anaimirira m'chigafa, nawerenga kamzere kawo kamodzi, nakhala pansi. Panalibe wowomba m'manja. Mayi Enifa anamasula nsonga ya chitenje, nagwada pamphasa pambali pa anzawo awiri osunga makiyi, ndipo maloko atatu anatseguka. Mayi wina amene ana ake anagona ndi njala mlungu umenewo anasendera kutsogolo kudzapempha ngongole yake ya chimanga.