Tsiku la mayeso ndi tsiku la mwana

Ndinalephera pepala la uzamba ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Mungaseke, sekani, nanenso masiku ano ndimaseka. Nthawi imeneyo sindinkaseka. Zaka zitatu kukoleji ya unamwino, ana angati ndinawalandira ndi manja angawa, koma pepala n'kundikana.

Mayeso ake anali a laisensi, aja amene popanda iwo sungagwire wodwala ngati namwino, ngakhale koleji utaimaliza bwino chotani. Pepala la unamwino ndinakhoza. Linalo ndinalilemba ndili ndi nseru, malovu ali thoo m'kamwa, ndipo ndinadziwa potuluka kuti zavuta. Komabe uthenga utafika pafoni, ndili pamsika wa Bangula kugula nsomba, ndinangotembenuka n'kumapita. Nsombazo ndinazisiya pa benchi nditalipira kale.

Chimene chinkandidya mumtima si manyazi okha. Pachipatala china chaching'ono cha mpingo, kufupi ndi kwathu, anali atandisungira malo. Akulu a pamenepo, mayi wolankhula pang'ono, anandiuza kuti andidikira mpaka chaka chithe. Ndikabwera ndi laisensi, ntchito ndi yanga. Ndikapanda kubwera nayo, atenga wina, chifukwa odwala sadikira.

Ndinaimbira aphunzitsi athu a uzamba kukoleji. Ndinali nditalemba mafunso kuseri kwa kalendala kuti ndisaiwale, poti mutu unali utasokonekera.

“Amadamu, ndilembanso zonse?”

“Ayi, lokhalo walepheralo. Linalo lakhala.”

“Liti?”

Anati palibe zolembanso mawa kapena mkuja. Ndidikire mayeso otsatira, m'nyengo yotentha, ndipo kulembetsa kutsekedwa pakatha masabata ochepa. Fizi ndilipirenso mwatsopano kubanki, risiti ipite limodzi ndi fomu.

“Nanga nditalipira koma osabwera tsikulo?”

“Ndalama sibwezedwa. Usayembekezerenso kuti akusungira ya ulendo wina.”

Anawonjezera kuti maulendo olembanso ndi owerengeka, si chinthu chomangoyesa. Ndikalowa m'chipinda cha mayeso, ulendo umodzi wapita, kaya ndimalize kaya ndisamalize. Ndikapanda kulembetsa, palibe chimene chiwerengedwe, kungoti ndidikira miyezi ina isanu ndi umodzi. Kenaka anatchula tsiku la mayesowo.

Ndinatembenuza kalendala ija. Kuwerengera tsiku lochira ndi chinthu chimene tinkachita ngakhale tili m'tulo: tsiku loyamba la kusamba komaliza, kuwonjezera masiku asanu ndi awiri, ndi miyezi isanu ndi inayi. Ndinawerenga katatu. Mayeso Lachiwiri, mwana Loweruka la sabata lomwelo. Ndipo ine ndinkadziwa bwino kuti mwana sasunga kalendala, atha kubwera masabata atatu tsiku lisanakwane kapena awiri litapitirira.

Ndalama yomwe tinali nayo inali ya chitowe chimene amuna anga anagulitsa. Inkakwana ulendo umodzi wokha: fizi, minibasi yopita ku Blantyre ndi kubwerera, malo ogona, chakudya. Tikaitaya, ya mayeso enawo ikachokera kuti, chitowe chisanache? Ndiye kuti si miyezi isanu ndi umodzi, koma chaka chathunthu.

Amuna anga anati, “Lipira. Ana oyamba amachedwa.”

Zinandipsetsa mtima. “Mwabereka angati inu?”

Anangoyamba kukonza tcheni cha njinga chimene chinalibe vuto.

Amayi anga ndiwo sanafune n'kumva komwe. Iwo akakwiya amathawira ku Chisena. “Nkhabe,” anatero, kukana kwa mtu wagalu. “Mimba yoyamba ukachirire m'minibasi pa Thabwa? Ukwere mapiri aja ndi mimba yofika pakhosi? Pepala lidzakhalapo. Iwe ndilibe wina.”

“Amayi, ku Blantyre zipatala ziliko.”

“Ndipo ine ndiliko?”

Masabata amenewo ndinkayenda ngati munthu wosenza ndowa yodzadza. M'mawa ndadzuka ndatsimikiza kuti ndikalipira. Pofika masana ndasintha. Ndinkadziona ndili pa desiki, funso lachiwiri, nsupa n'kusweka, oyang'anira mayeso n'kunditulutsa, ndalama yapita, ulendo umodzi wawerengedwa. Kenaka ndinkadziona ndili pakhomo, wina atavala yunifolomu pamalo panga. Zonse ziwiri zinkandiopsa mofanana. Ndinapita kwa akulu a chipatala aja kukapempha kuti andidikire mpaka mayeso a chaka chamawa. Anandiyang'ana pamimba, n'kundiyang'ana kumaso. Anati akumvetsa, koma namwino mmodzi amene ali naye wakhala miyezi osapuma, sangamuuze kuti apirirenso.

Kutatsala masiku atatu kuti kulembetsa kutsekedwe, ndinapita kusikelo. Mapazi anali atatupa pang'ono, BP itakwerako. Osati kwambiri, namwino anati tingoyang'anira. Koma ine wodziwa zambiri uja, mutu unathamangira ku zoopsa zonse za m'buku. Kudziwa nako n'kuvutika.

Tsiku lomaliza ndinafika mpaka ku Nchalo, kubanki, ndalama nditaimanga pansonga ya chitenje. Ndinaima pamzere ndi anthu a kumunda wa nzimbe, thukuta lili kamukamu. Fomu ndinalemba, dzina ndi nambala yanga ya mayeso. Kutsogolo kwanga kutatsala anthu awiri, mwana anandiponda mwamphamvu pansi pa nthiti. Sindinganene kuti chinali chizindikiro, ana amaponda tsiku lililonse. Ndinangochita mantha basi. Ndinatuluka pamzere, n'kukakhala pakhonde, n'kulira ngati wafedwa. Mlonda anandifunsa ngati andibera. Ndinati ayi.

Kunyumba amayi anati ndachita bwino. Amuna anga anatenga ndalama ija n'kukaisungitsa kuti idikire mayeso enawo. Mabuku ndinapitiriza kuwerenga, tsiku lililonse mutu umodzi, koma mosakoma.

Lachiwiri la mayeso lija linafika. Ndinadzuka wathanzi ngati ng'ombe. Mapazi ataphwa, BP ili bwinobwino, msana osapweteka ngakhale pang'ono. Ndinasesa, ndinachapa, ndinakatunga madzi kumjigo dala, mwina matenda angayambe kuti mtima ukhale pansi. Ayi ndithu. Nthawi imene anzanga ankatsegula pepala, ine ndinali pansi pa mtengo wa nimu kutongola chimanga, ndikumuuza wa m'mimbayo kuti, “Tuluka lero, iwe, undichotse manyazi.” Anangotembenuka n'kugona.

Loweruka linadutsa. Sabata lina linadutsanso. Anabwera patatha masiku khumi ndi anayi chilembere mayeso, mwana wamkazi, wonenepa, wopanda vuto. Ndikanapita, ndikanalemba, n'kubwerera, n'kupumulanso. Kodi ndikanakhoza? Sindidziwa, ndipo palibe adzandiuze.

Ndinachirira pachipatala chomwe chija, poti ndicho chapafupi. Anandilandira ndi mtsikana wachilendo, yunifolomu yatsopano, mizere ya simbi ikuonekabe. Akulu aja, atamva kuti sindinalembetse, sanadikirenso kutha kwa chaka. Ndinafuna kumupeza cholakwa mtsikanayo, ndinamuyang'anitsitsa manja pa chilichonse. Ntchito ankaidziwa, ndipo anali wachifundo, zomwe zinandiwawa koposa.

Zonse zitatha, mwana ali pachifuwa panga, anakhala pampando n'kutsegula kaundula. Anafunsa dzina, mudzi, zaka. Ndinayankha.

“Mumagwira ntchito yanji, amayi?”

Amayi anga, amene anali pakhomo ndi beseni, anayang'ana pansi.

Ndinati, “Lembani kuti ndimangokhala.”