Kuseri kwa Felemu ya Bwana

Dzina lawo lenileni linkapezeka pa pepala la malipiro pokha. Pakampani yogulitsa mapaipi ndi penti ija aliyense ankawatchula kuti a Tionenso, chifukwa ukawapatsira chilichonse, kaya lisiti kaya kapu ya tiyi, ankayamba avula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, n'kunena kuti, "Tionenso." Anali akauntanti wa pamenepo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, m'kachipinda koyandikana ndi mosungira katundu, komwe zenera lake linkayang'ana khoma la eni ake ena.

Anali munthu wosataya kanthu. Pensulo ankailembera mpaka isowe pogwira. Ndi iwo amene anabweretsa lamulo lakuti pulinta ya mu ofesi izisindikiza mbali zonse ziwiri za pepala, ndipo tsiku limene bwana anasainira lamulolo, a Tionenso anayenda ngati akwezedwa pantchito.

Chofooka chawo chinali pakamwa. Nkhani yolemera inkawakanirira pakhosi. Pofunsira akazi awo anachita kulemba kalata, chonsecho ankakhala nyumba zoyandikana ndipo ankakumana pampopi m'mawa uliwonse.

Akazi awowo, omwe anali namwino, anali atakhala kunja kwa dziko zaka ziwiri akugwira ntchito pachipatala. Tsopano mapepala a a Tionenso anali atatuluka, tikiti ya ndege itagulidwa, ndipo ntchito itapezeka kumeneko. Chinatsala n'chimodzi: kampani yatsopanoyo inkafuna kalata ya umboni yochokera kwa bwana wawo wakale. Popanda kalatayo, akanangokakhala m'nyumba kumadikira mkazi aweruke.

Pangano la ntchito linkafuna notisi ya mwezi umodzi, yolembedwa. Choncho Lolemba lina m'mawa anakhala pakompyuta n'kulemba imelo. Pamutu analemba kuti "Kusiya ntchito." Anayang'ana mawuwo, anaona ngati akutukwana munthu wamkulu, nawafufuta. Analemba kuti "Kuthokoza, ndi zina."

Kenako anathokoza. Anathokoza kuti bwana anawalemba ntchito ali ndi jekete limodzi. Anathokoza za galimoto ya kampani imene inanyamula apongozi awo kupita nawo kuchipatala. Anathokoza za mpando watsopano, za maphunziro a misonkho, za fani. Atafika pakuti, "Zikomo kwambiri, bwana, Mulungu akudalitseni," anapumira m'mwamba, n'kuyamba ndime ina:

"Komabe ndi chisoni ndikukudziwitsani kuti ndisiya ntchito pa 30 mwezi uno, popeza ndikutsatira banja langa kunja. Imeloyi ndiyo notisi yanga ya mwezi umodzi. Ndine wokonzeka kuphunzitsa amene adzalowe m'malo mwanga, kumusiyira mabuku onse ali bwino, ndi kuyankha mafunso pafoni ngakhale nditapita. Ndikupemphanso kalata ya umboni."

Anawerenga katatu, natumiza, napita kuchimbudzi kukabisala.

Bwana, mwini kampani, anali bambo wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene sankawerenga kanthu pakompyuta. Ankati imamuwawitsa maso. Maimelo onse ankasindikizidwa ndi sekilitale, mayi wodekha amene anaona zambiri, n'kuikidwa patebulo, atapsinjidwa ndi mutu wa mpopi wakale. Bwana ankawerenga ali chiimire, foni ili kukhutu.

Masana yankho linafika: "Ndalandira, ndipo ndasangalala kwambiri."

A Tionenso anavula magalasi. Zaka zonsezi, munthu n'kusangalala kuti akuchoka! Tsiku limenelo tiyi sanamwe.

Lachitatu anaitanidwa ku ofesi ya bwana pamodzi ndi antchito onse. Pakhoma, pakati pa laisensi ya bizinesi ndi kalendala ya kampani ya simenti, panapachikidwa felemu yatsopano ya golide wonamizira. M'kati mwake munali imelo yawo. Mawu othokoza anadzaza tsamba lonse, n'kuthera ndendende pa "Mulungu akudalitseni." Zotsalazo pulinta inazisindikiza kuseri, monga mwa lamulo, ndipo tsopano zinkayang'ana khoma.

"Mwaona?" anatero bwana, akugogoda galasi ndi chala. "Inu nonse mukandilembera ndiye kuti mwana wadwala, kapena mukufuna tchuthi. Koma munthu uyu wangodzuka n'kuthokoza. Popanda chifukwa! Achimwene, ine ndi inu adzatitulutsa muno tsiku limodzi, m'mabokosi."

Anthu anawomba m'manja. A Tionenso anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi, "Zikomo, bwana."

Pakhonde anakumana ndi sekilitale.

"Mayi, kodi simunawauze?"

"Ndinayesa, bambo. Ndinati, 'Bwana, mwatembenuza?' Iwo akuti, 'Nditembenuze chiyani, ndi matilesi? Tumani dalaivala akagule felemu.' Ndiye ine ndili ndi ana kusukulu. Kalata ndi yanu, pulinta ndi yanu."

Pofika Lachisanu kampani yonse inkadziwa kupatula mwini wake. Dalaivala anapempha kuti adzamusiyire ambulera. Mlonda anafunsa ngati kunjako kulibe mageti ofuna munthu. Bwana yekha ankalowetsa makasitomala mu ofesi kuti adzaone felemu, ndipo tsiku lina anaiwerengera munthu wa kubanki mokweza, mpaka pa fani.

A Tionenso anachita zimene ankadziwa. Anagula fayilo yaikulu n'kuyamba kulemba zosiyira mnzawo: masiku otumizira misonkho, kakonzedwe ka malipiro a mwezi, mmene amafananitsira mabuku ndi sitetimenti ya kubanki, mafayilo amene maodita amayamba kufunsa, kiyi wa sefa yosungiramo ndalama amene amafuna kumukankha pang'ono asanazungulire. Ndipo popeza panalibe amene anasankhidwa, anayamba kuphunzitsa mayi wa pakauntala, amene anakhala akulandira makasitomala zaka khumi ndipo anali ndi dipuloma ya zowerengera imene palibe anaifunsapo. Ankaphunzira pa nthawi ya nkhomaliro, chitseko chili chotseka.

"Abambo, tikuchita ngati tikuba," anatero mayiyo tsiku lina.

"Tikubweza," anayankha a Tionenso.

Kawiri konse a Tionenso anafika pakhomo la bwana atakonzeka kuulula. Ulendo woyamba bwana anawapatsa bisiketi. Ulendo wachiwiri anawafunsa ngati felemu yapendekeka, ndipo iwo anaiwongola.

Atatsala masiku asanu ndi anayi, akazi awo anaimba foni masana.

"Kalata ija mwatenga?"

"Nkhani yake ili m'kati."

"M'kati mwa chiyani?"

"Mwa felemu."

A Tionenso anafotokoza. Mayiwo anaseka mpaka anachita kutsokomola.

"Inu abambo inu! Ine munandilembera masamba anayi, ndipo mawu akuti mukundifuna anali kumapeto, pansi pa nkhani ya mvula. Mwayi wanu ndine wowerenga. Tamverani, ndapeza nyumba ya zipinda ziwiri. Mukapanda kubwera ndi kalatayo, chinacho ndiikamo nsapato."

Mawa lake a Tionenso anavala tayi ya maliro, ananyamula fayilo ija ndi kampeni kotsegulira maenvulopu, nalowa kwa bwana osagogoda. Anachotsa felemu pakhoma, naigoneka chafufumimba patebulo, nayamba kuwongola timisomali ta kumbuyo kamodzikamodzi.

"Achimwene, mwadwala?"

"Tionenso, bwana."

Anachotsa katoni ya kumbuyo. Bwana anawerama, nawerenga. Anakhala pansi, chinthu chimene sankachita powerenga, nawerenganso.

"Ndani analemba izi kumbuyo kwa kalata yanga?"

"Pulinta, bwana."

"Ndani anaiuza?"

"Ine ndinapempha. Inu munasaina."

Bwana anakuwa mpaka antchito a mosungira katundu anasiya kutsitsa mapaipi. Anati wachititsidwa manyazi pamaso pa munthu wa kubanki. Anati notisi imayamba tsiku limene iye waiona ndi maso ake, ndiye kuti lero, ndipo mwezi ndi mwezi. Sekilitale anasuzumira pakhomo n'kukumbutsa mwaulemu kuti yankho lakuti "Ndalandira" linatumizidwa tsiku lomwelo imelo inafika, ndipo amene anamuuza kuti alitumize ndi bwana yemweyo. Anatsekanso chitseko msanga.

"Chabwino, pitani!" anatero bwana. "Koma kalata ya umboni muiiwale. Mukundisiya ndi ndani? Ine pasiwedi ya kubanki sindiidziwa. Tsiku la misonkho sindilidziwa. Sefa imene ija imandikana!"

A Tionenso anakankhira fayilo patsogolo pake. Inali ndi timapepala ta mitundu m'mbali, chilichonse pamalo pake. Pamwamba panali fomu ya kubanki yochotsera dzina lawo pa osainira, yongodikira siginecha.

"Malipiro a mwezi uno akonzedwa kale, bwana. Sindinakonze ine. Akonza mayi a pakauntala. Ndaonanso kawiri, sindinapeze cholakwa."

"Inu osapeza cholakwa?"

"Zinandiwawa, bwana."

Bwana anatsegula fayilo, nawerenga tsamba loyamba. Kenako, akuwayang'ana a Tionenso m'maso, ananyowetsa chala n'kulitembenuza kuti aone kuseri. Anachita chimodzimodzi ndi tsamba lachiwiri, ndi lachitatu. Fani inkazungulira.

"Zakutsogolozi," anatero potsiriza, akuloza imelo ija, mawu atatsika, "za jekete, za apongozi. Munalemba kuti mundifewetse?"

Apa a Tionenso anayankha osavula magalasi.

"Ayi, bwana. N'zoona zonse. N'chifukwa chake zinatalika."

Bwana anatulutsa mpango, namina mwamphamvu, nanena kuti penti ya m'nyumba muno imamuyabwa m'maso.

"Kalembeni nokha kalata ya umboniyo, ine ndisaina. Mukadzitame, musakachite manyazi. Koma tsamba limodzi, mbali imodzi. Mukalemba kuseri ndikumangitsani."

Anailemba masana omwewo, mizere isanu ndi umodzi. Bwana anaiwerenga, anaitembenuza, anaiyang'anitsa padzuwa, nati yauma ngati lisiti. Anawonjezera ndi cholembera chake pansi pake kuti, "Munthu uyu ndikumufunabe," ndipo zinatengera sekilitale theka la ola kumunyengerera kuti mawuwo alembedwe bwino pakompyuta.

Pa 30 a Tionenso anapereka makiyi kwa mayi wa pakauntala, ambulera kwa dalaivala, ndi mapensulo asanu ndi awiri aafupi kwa aliyense wofuna. Palibe anafuna. Polowa kukatsanzika anapeza felemu yabwerera pamsomali wake, mawu othokoza ali kutsogolo monga kale.

"Mbali iyi ndi yanga," anatero bwana. "Inayo ndi ya khoma."

A Tionenso anaiyang'ana, anaona kuti yapendekeka pang'ono, naiwongola. Kenako anagwira thumba la jekete kuti amve ngati envulopu ilimo, natuluka.