Torben Asokonezeka ndi Nyimbo Yake Yomwe

Torben Lykke wa mumzinda wa Aarhus ankapeka nyimbo zotsegulira mapulogalamu a pa TV. Ankapatsidwa zithunzi zoyambira, iye n'kuyeza nyimbo kuti ithere pomwe mutu wa pulogalamu ukuonekera. Dzina lake linkadutsa kumapeto, anthu atanyamuka kale kukatereka khofi.

Atapuma pantchito, iye ndi mkazi wake Birthe analowa mpikisano wa mafunso kumalo omwera mowa. Wofunsa anang'ung'uza kanyimbo kuti anthu atchule pulogalamu yake. Torben anangokanda mutu, koma Birthe anayankha msanga kuti ndi sewero lija la apolisi apadoko.

"Munapeka ndinu, bambo," Birthe ananong'oneza Torben akuseka.

"Yangayo imayamba ndi lipenga," anatero Torben. "Uyu wayambira pakati, komanso akuimba ngati wachimfine."

Anapambana botolo la vinyo, ndipo Birthe anakana kumugawirako.